Mafunso obisa mayankho aja, ndilipire kapena ayi?

Chisomo: Anzanga, ndapeza maphunziro olipira a matanthauzo a m'malamulo a ufulu wachibadwidwe. Amakufunsa kuti kuzunza n'chiyani, ndipo yankho silioneka mpaka utalemba lako. Mayeso ayandikira, ndilipire?

Yamikani: Musataye ndalama achemwali. Mapangano a mayiko okhudza ufuluwo amapezeka mwaulere. Werengani, lowezani, basi.

Mayi Nabanda: A Yamikani, zoti ndi aulere n'zoona, koma kuwerenga kumapusitsa. Maso akaona mawu mobwerezabwereza, munthu amaganiza kuti wawadziwa. A Chisomo, tiyese pompano osatsegula buku: malinga ndi gawo 1 la pangano loletsa kuzunza la 1984, kuzunza n'chiyani?

Chisomo: Kupweteka munthu kwambiri mwadala, m'thupi kapena m'maganizo.

Mayi Nabanda: Mwapeza ziwiri, ululu waukulu ndi kuchita mwadala. Zatsala ziwiri. Payenera kukhala cholinga, monga kumuumiriza kuti aulule kapena avomere mlandu, kumulanga, kumuopseza, kapena tsankho. Ndiponso wogwira ntchito za boma ayenera kukhudzidwa: achite yekha, atume wina, avomereze, kapena adziwe n'kungolekerera. Wapolisi womenya womangidwa kuti avomere kuba, zonse zinayi zilipo. Mukanawerenga yankho poyamba mukanati "eya, ndimadziwa," osazindikira kuti theka lonse likusowa m'mutu. Ntchito ya kubisa yankho ndi imeneyo.

Madalitso: Ndiye mukutanthauza kuti mlongo wanga amene mwamuna wake ankamumenya sanazunzidwe? Zimenezo sindingavomere.

Mayi Nabanda: Pepani kwambiri achimwene, sindikuchepetsa zomwe anakumana nazo. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo ndi mlandu pa malamulo ena. Tanthauzo ili limayang'ana udindo wa boma. Komabe ngati akuluakulu ankadziwa n'kusachitapo kanthu, nkhani ya kulekerera ija imalowapo.

Yamikani: Chabwino, koma kubisa yankho ndingathe ndekha. Khadi, funso kutsogolo, yankho kumbuyo. Ndilipirirenji?

Tadala: Ine makhadi anandikanika, dzanja limatembenuza lokha ndisanaganize. Kukakamizidwa kulemba kaye kunandithandiza.

Mayi Nabanda: Musanalipire, onani ngati funso lililonse limatchula pangano lake. Pangano la ku Roma la 1998, lomwe linakhazikitsa khoti la milandu la dziko lonse, pofotokoza kuzunza ngati mlandu wolakwira mtundu wa anthu, silifuna kuti wochitayo akhale wa boma. Za mwana n'chimodzimodzi: pangano la ufulu wa ana la 1989 limati mwana ndi wosakwana zaka 18, pokhapokha malamulo a dziko atamuyesa wamkulu msanga, pomwe la mayiko a mu Afirika la 1990 lilibe "pokhapokha" ameneyo. Mafunso opereka yankho limodzi osatchula gwero angakulakwitseni mayeso.

Chisomo: Ndaona chitsanzo chawo chaulere. Pangano ndi gawo amatchula, koma amangoonetsa yankho, kudzichonga n'kwa iwe mwini.

Yamikani: Ndiye akusiyana pati ndi khadi langa?

Tadala: Kodi mafunso omwe unalakwa amakubwezeranso patapita masiku? Ngati satero, nanenso sindingalipire.

Chisomo: Zimenezo sanalembe. Ndiwafunsa kaye.