Mbiri yachidule ya msonkhano: fomu ikundidula pa zilembo 600

Nabanda: Anzanga a pagulu, ndithandizeni msanga, atseka mawa 5 koloko. Andiitana kukayankhula pa msonkhano wa za nthaka ndipo akufuna mbiri yachidule. Yanga ili ndi mawu 240, fomu yawo ikudula pa zilembo 600. Ndaimata katatu, ikuthera pakati pa dzina la jenolo. Ndili ndi mapepala 14, magiranti awiri, makosi anayi chaka chino, ana a masitazi asanu amene ndawatulutsa. Giranti imodzi ndi yaing'ono, madola 18,000, koma PI, wotsogolera ntchitoyo, ndine. Inayo ndi yaikulu, ya mayiko anayi, ndine Co-I chabe, wothandizana ndi wotsogolera. Ndikachotsa zophunzitsa mtima ukundiwawa chifukwa ndi komwe kumathera sabata yanga yonse. Ndikazisiya, mapepala sakulowa. Magetsi azimanso, ndikulemba pa foni. Ndidule chiyani?

A Gondwe: Achemwali, yambani ndi ndalama. Giranti yaikuluyo, chiwerengero chake chonse, mzere woyamba. Anthu a kunja amayang'ana kaye ngati munthu anagwirapo ndalama. Zophunzitsa chotsani, lekichala aliyense amaphunzitsa.

Dokotala Mbewe: A Nabanda, choyamba dziwani kuti zilembo 600 amawerenga ndi mipata yomwe, ndiye m'Chingerezi ndi mawu pafupifupi 90 kapena 95. Mu Word pitani pa Review, Word Count, muone mzere wowerenga ndi mipata, osati wa mawu. Chachiwiri, ndani adzaiwerenge? Ngati ndi ya msonkhano, wapampando adzaiwerenga mokweza inu mutaima pambali ndi laputopu. Mayina a majenolo atatu otsatizana amamupunthwitsa, ndipo omvera sagwirapo kanthu. Chimene amafuna kumva ndi funso limene mumafufuza ndi chimene munapeza. Mutu wa nkhani yanu ndi wotani?

Nabanda: Nandolo ndi chimanga m'munda umodzi, pa nthaka ya mchenga ya ku Murehwa ndi Domboshava kuno ku Zimbabwe. Mapepala atatu okha ndi amene ali pa mutu umenewu, ena ndi a nthawi ya PhD ndi ena omwe ndinangothandizira.

Dokotala Mbewe: Ndiye 11 enawo asakuvutitseni, asiyeni ku ORCID, tsamba la pa intaneti la nambala yanu ya ofufuza ndi mndandanda wa mapepala anu. Ndikanakhala ine ndikanalemba ziganizo zinayi, ngati kuti akunena wina, osati "ine". Choyamba: dzina, udindo wanu weniweni, dipatimenti, Harare. Chachiwiri chitenge malo ambiri, mwina mawu 35: mumafufuza mmene nandolo amabwezera chonde m'nthaka ya mchenga kwa alimi ang'onoang'ono, ndi chinthu chimodzi chimene munapeza m'mindamo, ndi jenolo imodzi yokha ndi chaka chake. Chachitatu magiranti: mukutsogolera yakutiyakuti, ndipo muli Co-I pa ina ya mayiko anayi. Chachinayi zophunzitsa, koma osatchula makosi anayi ndi makodi ake. Tchulani imodzi yogwirizana ndi nkhaniyo, kenako nenani kuti mwatulutsa a masitazi asanu. Chiwerengero chimenecho chimanena zambiri kuposa mndandanda wa makosi.

A Gondwe: Dokotala, ndalama mwaziika pachitatu, mopanda chiwerengero. Munthu adziwa bwanji kuti ndi giranti yaikulu? Ine ndinalemba chiwerengero pa yanga, anthu awiri anandipeza pa tiyi kufunsa za mgwirizano.

Mayi Chisale: A Gondwe, pa giranti yaikuluyo ndikukanitsitsa. Ndinaona ndi maso anga pa msonkhano wina zaka zapitazo. Mnzathu analemba kuti "anapeza" giranti ya mamiliyoni pamene anali Co-I, gawo lake linali la mafuta a galimoto ndi othandiza awiri a kumunda. Wapampando akuwerenga, PI mwiniwake atakhala mzere wachiwiri, akulemba kenakake pa pulogalamu yake. Sananene kanthu tsiku limenelo. Gawo lachiwiri la ntchitoyo litabwera, dzina la mnzathu munalibe. Anthu a za nthaka m'chigawo chino ndi ochepa, onse amadziwana. Lembani udindo monga ulili pa kalata ya giranti, liwu ndi liwu.

Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndili ndi mbiri ya NIH, bungwe la ku America lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, yomwe ndinadzaza ndi abwana anga chaka chatha, ili ndi malo a Personal Statement ndi Contributions to Science. Ndikutumizireni, amayi?

Dokotala Mbewe: Zikomo Yamikani, koma imeneyo ndi ya masamba angapo, yopempherera ndalama. Apa tikulimbana ndi ndime imodzi.

Nabanda: Nanga pepala langa labwino kwambiri pa nandolo lili kwa olipima, mwezi wachisanu tsopano. Ndilitchule?

Mayi Chisale: Ayi mwanawe. Ngati pa tsamba la jenolo pakadali Under Review, silinakhale pepala. Kabuku ka msonkhano kamakhala pa intaneti zaka, ndipo akalikana mukalipititsa kwina, mbiri ija idzakhalabe ikunena jenolo yoyambayo. Likafika pa Accepted, kalata ili m'manja, mukhoza. Zotsatira zake kazineneni pakamwa m'nkhani yanu. Ndiponso h-index, nambala yoonetsa mmene ena amatchulira mapepala anu, musaike. Ya Google Scholar ndi ya Scopus sizifanana, ya Scholar kawirikawiri imakhala pamwamba, ndiye wina akayang'ana kwinako aganiza kuti mwakokomeza.

A Gondwe: Chabwino, yaikuluyo alembe Co-I. Koma chiwerengero chikhalepo. Ngakhale 18,000 yo. Ndalama ndi umboni.

Profesa Kaunda: A Gondwe, umboni wa chiyani kuno kwathu? Ine ndinalandira kagiranti ka m'dziko muno m'nthawi ya ndalama ya RTGS, cha m'ma 2019. Pofika nthawi yogula feteleza wa m'minda yoyeserera, ndalamayo inali itasungunuka theka. Tsopano kuyambira Epulo 2024 tili ndi ndalama ina, ZiG. Ndikalemba chiwerengero chija lero, wa ku Nairobi amva chiyani? Ndi madola omwe, 18,000 kwa munthu wa za zipatala ndi ndalama ya mwezi umodzi, kwa wa za zilankhulo ndi chuma. Dzina la wopereka ndi liwu loti mukutsogolera ndi zimene zimamveka paliponse. Chiwerengero chisungeni ku CV ndi ku fomu yokwezera udindo, kumene amachifunsa.

Pa zophunzitsa ndikusiyanako ndi Dokotala. Ine mzere umenewo sindiuika kumapeto. Akonzi a kabuku akaona kuti tsamba ladzaza amadula kuchokera pansi osakufunsani, zinandichitikira kawiri. Ngati a masitazi asanuwo ndi amene mukuwanyadira, alowetseni m'chiganizo cha kafukufuku, poti ndi iwo anakumba nthaka ku Murehwa. Chakumapeto chikhale chimene mungapirire chitatayika.

Dokotala Mbewe: Pamenepo ndavomera pang'ono, Profesa, koma chiganizo chachiwiricho chidzalemera, wapampando adzapumira pakati. A Nabanda, muiwerenge mokweza ndi wotchi, isapitirire masekondi 40. Musungenso zitatu mu fayilo imodzi: ya mawu 50, ya 100 ndi ya 200, iliyonse ndi tsiku lake. Ya yunivesite ndi ina, kumeneko Education 5.0, ndondomeko ya boma ya mayunivesite, imafuna muonetsenso za kumudzi ndi zopangapanga, koma ku msonkhano wa kunja musazitengere.

Yamikani: Nanga ife amene tili ndi pepala limodzi lokha, lomwe tili wachinayi pa olemba asanu ndi mmodzi? Tilembe chiyani? Ine andipempha ya mawu 50.

A Gondwe: Iwe Yamikani, sukulu yako akulipirira ndani? Imeneyonso ndi giranti. Tchula dzina lawo ndi ndalama yake.

Mayi Chisale: Dzina lawo inde, ngati mgwirizano wako ukulola, ena amafuna mawu awoawo owathokozera. Kaone kaye kalata imene unasaina. Koma kodi alipo amene akudziwa ngati ORCID imalowa m'zilembo 600 zija, kapena ili ndi bokosi lake? Manambala 16 ndi timizere take ndi zilembo 19, osawerengera adiresi ya kutsogolo.