Chigayo cha ku Petauke: zithunzizi ndi zake?

aTembo, Katete: Anzanga a zigayo, ndithandizeni. Wina akugulitsa chigayo cha dizilo chogwirapo kale ntchito, akuti chili ku Petauke. Akufuna K38,000, theka nditumiziretu pa Airtel Money asanachikweze. Wanditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Ndidziwa bwanji kuti sanazitole pa malonda a munthu wina?

aMwale, Lundazi: Ziponyeni kuno ndione mahama ndi sefa. Zigayo zakale zimathera pamenepo.

Amai Zulu, Chipata: AMwale, funso ndi lakuti chigayocho chilipo n'komwe kapena ayi. ATembo, sungani zithunzizo mu foni, mutsegule Google Lens, chida cha Google chofufuzira zithunzi pa intaneti, ndi kuikamo chimodzi. Kokerani timakona toyerato kuti tizinge chigayo chokha, kenako muyang'ane pa "Exact matches". Za pa "Visual matches" zisakusokonezeni, ndi zigayo zongofanana nacho, ndipo zobiriwira za mtundu umenewo zili ponseponse. Chofunika ndi chithunzi chomwecho, khoma lomwelo, dontho la oilo lomwelo pansi.

aTembo: Choyamba ndi chachitatu, palibe chatuluka.

aBanda, Kapata: Basi ndi zake. Akanaba, Google ikanamugwira.

Amai Zulu: Ayi achimwene, musawafulumizitse. Google siona za m'magulu a WhatsApp, ndipo za pa Facebook zambiri zimaiphonya. Kusapeza kanthu si umboni. Komanso akuba amadula chithunzi m'mbali kapena kuchitembenuza, kumanja kukhala kumanzere. ATembo, kulitsani pamene pali zilembo pa injini.

aTembo: Pa chachiwiri zilembo zikuwerengeka chobwerera, ngati pagalasi!

Amai Zulu: Chitembenuzeni chibwerere mwakale, mufufuzenso. Muchiikenso pa tineye.com, tsamba lina lofufuzira zithunzi, ndi kusankha "Oldest" kuti zakale kwambiri zibwere poyamba.

aTembo: TinEye sinapeze, koma Lens yachitulutsa pa tsamba la malonda la ku Kenya, mtengo m'mashilingi. Kumeneko n'chachikulupo: kumbali kukuoneka chikwangwani cha M-Pesa chimene pa changa adachidula. Chitini chophwanyika chili pambali pa lamba ndi chomwecho.

aBanda: Komatu nafenso timaika zithunzi za kufakitale tikamagulitsa mapampu. Ndiye kuti ndife akuba?

Amai Zulu: Katundu watsopano wam'katoni, chithunzi cha kufakitale sichidabwitsa, bola munene. Uyu akuti chigayo ndi chake, chakale, koma chithunzi chili ndi mbali imene iye alibe. Wojambula ndi amene ali ndi chathunthu. ATembo, muuzeni alembe dzina lanu ndi deti la lero papepala, aliike pa injini, akuimbireni vidiyo akuiliza.

aMwale: Nanga ziwiri zija? Mwina chigayo ali nacho, anangoonjezera chithunzi chooneka bwino.

aTembo: Ndamuuza za vidiyo, akuti netiweki ikuvuta kumene ali. Ndalama ndaigwira kaye. Alipo ali ku Petauke angakachione ndi maso Loweruka?