Makandulo akuyenda koma ndalama sindikuiona, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Abale thandizeni maganizo. Ndimapanga makandulo, paketi ndimagulitsa 1,500 ndipo phula, chingwe ndi pulasitiki yokutira zimandidyera 900 pa paketi, ndiye ine ndimaona ngati ndikupindula 600 paketi iliyonse koma mwezi ukatha m'thumba muli mbee. Lendi ya shedi ndi 90,000, mnyamata wondithandiza 120,000, ngongole ya makina 60,000 pamwezi. Mwezi wathawu ndinapanga mapaketi 500, ogulidwa 400. Ndigulitse angati kuti ndisamaluze?

Bambo a Junior: Zophweka izi. Phatikizani zitatuzo ndi 270,000, gawani ndi 1,500, mapaketi 180 basi. Mwadutsa kale inu, fufuzani mnyamatayo.

Mayi wa maakaunti: Musamunamizire mwana wa eni ake. Kuphatikizako a Bambo a Junior akhoza, 270,000 imeneyo ndi ndalama yosasintha, mupange kandulo musapange mwini shedi abwerabe pa 30. Koma pogawapo alakwitsa chifukwa 1,500 si yanu yonse, 900 yapita kale ku phula ndi chingwe, ndipo imeneyo imakwera ndi kutsika malinga ndi mapaketi. Yotsala yolipirira lendi ndi zinazo ndi 600 ija, musamaitche phindu. Ndiye 270,000 kugawa ndi 600 ndi mapaketi 450, pamenepo simunaluze simunapindule. Phindu limayamba pa paketi ya nambala 451. Inu munagulitsa 400, kutanthauza 240,000, yaperewera 30,000. Ndipo 100 ali pa shelefu aja atsekera 90,000 yanu ya zipangizo, nchifukwa chake m'thumba mukuwawa kuposa pa pepala. Timawerenga ogulidwa, osati opangidwa.

Chemwali wa sopo: Ine zinandichitikira ndi sopo, ndinangotsitsa mtengo katundu anayamba kuthamanga. Tsitsani mufike 1,300 muone.

Mayi wa maakaunti: Chemwali, akatsitsa choncho pa paketi patsala 400, ndiye afunika kugulitsa 675 kuti angofika pomwe saluza. Kuchoka pa 400 kufika 675, makasitomala amenewo alipo?

Wofunsa: Eee 675 ngakhale makina anga sangakwanitse. Nanga magetsi ndiwaike mbali iti? Ndinawaiwala, ndimangolipira osalemba.

Mayi wa maakaunti: Magetsi ali uku ndi uku. Babu la m'shedi ndi losasintha, koma osungunulira phula amayenda ndi mapaketi. Onani mita musanayambe kusungunula ndi pomaliza, mayunitsi apitawo muwerengere kuti ndi ndalama zingati, gawani ndi mapaketi a tsikulo, muwonjezere pa 900 paja. 450 ija ikwera ndithu. Komanso inuyo mumadzilipira?

Bambo a Junior: Mwini bizinesi amadzilipiranso? Malipiro ake si phindu lomwelo?

Mayi wa maakaunti: Ngati amatapamo ya pakhomo mwezi ndi mwezi, ailembe pa zosasintha, apo ayi azingosaka wakuba yemwe kulibe.

Wofunsa: Kutapa ndimatapa koma sindidziwa zingati. Ndiyamba kulemba mawa, mitanso ndiiona.