Funso la laimu pa dothi lamakande ndi lamchenga: ndithandizeni mayeso asanafike

Wophunzira wa Fomu 4 wa ku Chonde: Akuluakulu a pagulu pano, ndikukonzekera mayeso a zaulimi a MSCE ndipo funso ili landiimitsa mutu. Minda iwiri ili ndi pH yofanana ya 4.8, wina ndi wamchenga pomwe wina ndi wamakande. N'chifukwa chiyani wamakande umafuna laimu wambiri, chikhalirecho asidi wake ndi wofanana? Komanso m'munda wa katondo kwathu chimanga chimafiirira masamba chikadali chaching'ono ngakhale tithire 23:21:0+4S. Kodi zimenezi n'zogwirizana?

Bambo wa ku Thekerani: Mwana wanga, nkhaniyo ndi ya mvula basi. Mchenga susunga kanthu, choncho ndi umene uyenera kulandira laimu wambiri chifukwa amakokoloka msanga.

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Bambo, pa kukokoloka mwalondola, ndipo n'chifukwa chake mchenga timauthira pang'onopang'ono koma kawirikawiri, koma funso likunena za kuchuluka kwa laimu wokweza pH. Iwe wophunzira, pH imayeza asidi amene ali m'madzi a m'dothi okha. Timibulu ta makande ndi tating'ono kwambiri, ndipo pamodzi ndi manyowa owolerana timagwira haidirojeni ndi aluminiyamu wambiri. Laimu akathetsa asidi wa m'madzimo, timibuluto timatulutsa wina, kotero pH imachedwa kukwera. Mchenga ulibe nkhokwe yoteroyo.

Funso lako lachiwiri lili pomwepo. Mvula yochuluka ya kuno ku Mulanje ndi Thyolo imatsitsa kashiamu ndi maginiziyamu pansi pomwe mizu siifika. pH ikatsika kupyola 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kufupikitsa mizu, ndipo iye pamodzi ndi ayironi, amene amafiiritsa katondoyo, amamanga fosifolasi kuti mbewu isamupeze. Feteleza munathira ndithu, koma dothi ndi limene lamugwira, ndipo kufiirira kwa masamba akunsi ndi chizindikiro cha kusowa kwa fosifolasiyo. Pamayeso usaiwale kuti pH ya 4.8 ili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa ya 5.8.

Mayi wa ku Muloza: Nanga bwanji tiyi amakondwa m'dothi lomwelo? Ine munda wanga wa tiyi ndimathira feteleza chaka chilichonse ndipo sindinaguleko laimu.

Mphunzitsi wa ku Luchenza: Mayi, tiyi amafuna pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5 ndipo amapirira aluminiyamu, pomwe chimanga ndi nyemba sizipirira. Komabe chenjerani, chifukwa tizilombo ta m'dothi tikamasandutsa amoniyamu wa m'feteleza kukhala naitireti timatulutsa haidirojeni, amene amawonjezera asidi. Salifeti wa amoniya amawonjezera asidi kuposa yureya.

Wophunzira: Zikomo aphunzitsi. Kodi phulusa la kukhitchini lingalowe m'malo mwa laimu?

Bambo wa ku Thekerani: Ife padimba timathira lomwelo, ndipo mpiru umasintha.

Mphunzitsi: Padimba likhoza kuthandiza, koma pa ekala yathunthu ndikukayika ngati mungapeze lokwanira, ndipo mphamvu yake imasiyana malinga ndi nkhuni. Muyeso weniweni umadziwika dothi likayezedwa, monga ku malo a kafukufuku wa zaulimi a ku Bvumbwe.