Ndikatsala ndi mabulaindi aakulu 8 pa poka, ndikankhe zonse kapena ndidikire?

Akuluakulu osewera poka muno mu Harare, ndithandizeni nzeru. Pa tonamenti yomwe ndimasewera Loweruka timayamba ndi machipisi 10,000, mabulaindi ali 50/100, ndipo amakwera mphindi 20 zilizonse. Akafika 500/1,000 pamodzi ndi ante ya 1,000 yolipira amene ali pa bulaindi wamkulu, kuzungulira tebulo kamodzi kumandidyera 2,500 ndisanagwire n'komwe dzanja labwino.

Tinene ndatsala ndi 8,000, ndili pa batani, onse apinda, m'manja muli A-7 osiyana mtundu. Ndikakweza kufika 2,000 wina n'kukankha zake zonse, kupinda kundisiya ndi 6,000, zomwe siziopsanso munthu. Ine ndikuona kuti kukankha zonse ndiye nzeru, chifukwa akapinda ndatola 2,500 osaonetsa makadi. Koma bwanji ndikakhala woyamba kulankhula pa tebulo la anthu 9? A-7 yemweyo ndimutaye?

Chondivuta kwambiri n'chakuti tikatsala 10 pomwe olandira ndalama ndi 9, wa machipisi ambiri amandiitana ndi makadi wamba. Pamenepo inu mumadikira kuti wa 3,000 atuluke kaye, kapena mumakankhabe?