Ajenda ya Lamlungu: mjigo wa kumudzi

A Kamwendo (mlembi): Akuluakulu, nayi ajenda ya Lamlungu ku Katoto.
2:00 pemphero ndi malonje
2:05 maminitsi a msonkhano wapita
2:15 lipoti la msungichuma
2:30 mjigo
3:30 zina ndi zina
3:40 pemphero lotsekera
Ndalemba nthawi ya pa wotchi kuti aliyense akayang'ana foni adziwe yekha ngati tatsalira. Holo tapatsidwa mpaka 4:00, ndiye mphindi zotsalazo ndi zosungira nkhani ikatalika.

Mayi Nachisale: Zili bwino. Mwezi watha tinatuluka 6 koloko, mvula ili mkati, a kabaza n'kukweza mtengo wopita ku Luwinga. Za mjigo tinazifika anthu atayamba kale kunyamuka.

A Chimphepo: Ndiye mjigo uyambe ndiwo. Maminitsi akhale kumapeto.

A Kamwendo: Maminitsi amayenera kuvomerezedwa poyamba, achimwene, ndipo sitingasankhe wokumba tisanamve kuti m'thumba muli zingati. Chimene chimadya nthawi n'kuwerenga mokweza masamba onse. Ndiwatumiza Lachisanu, aliyense awerengeretu. Pamsonkhano tingokonza zolakwika basi.

Agogo a Gomani: Kodi mukuti ife akuluakulu tizidulidwa pakamwa ndi belu? Kwathu ku Ntcheu nkhani ya madzi sakamba mothamanga.

Mayi Banda (msungichuma): Ayi agogo, ola lathunthu ndi la mjigo womwewo. Koma a mlembi, olalo muligawe. Tikalisiya choncho, anthu atatu oyamba alimaliza. Ine ndikuti mphindi 10 komiti ifotokoze mitengo ya okumba, 35 tikambirane, 15 tivote. Tikapatsa munthu mphindi 2, olankhula akwana 17, pomwe timabwera oposa 30. Ofuna kulankhula alembetse pakhomo.

A Chimphepo: Nanga tikuvotera chiyani kwenikweni? Wokumba kapena malo? Paja ena akufuna kusukulu, ena kwa amfumu.

A Kamwendo: Apo mwalasa. Mutu wongoti "mjigo" ulibe pothera. Ndilemba kuti "kusankha malo a mjigo: kusukulu kapena kwa amfumu". Za wokumba zidikire mwezi wamawa, ndipo mphindi 10 zija komiti ifotokoze za malo awiriwa.

Mayi Nachisale: Zina ndi zina ndiye dzenje lenileni. Munthu amadzutsa za chipepeso cha maliro a chaka chatha, ola n'kutha.

Mayi Banda: Amene ali ndi nkhani auze a mlembi lisanathe Loweruka. Yosalembetsa ipite ku msonkhano wotsatira. Ndipo wosunga nthawi asakhale a pampando, iwo ali ndi yawo yoloza manja.

A Chimphepo: Ikakwana 2:00 tili asanu okha?

A Kamwendo: Tiyamba ndi pemphero, koma kuvomereza maminitsi ndi kuvota zimafuna chiwerengero chimene chili m'malamulo athu. Akachedwa ambiri, ajenda yonse yasokonekera.

Agogo a Gomani: Ine mphindi 2 sizindikwana. Mbiri ya chitsime chakale ndani aifotokoze?

Mayi Nachisale: A pampando, tiyankheni za agogo. Awonjezeredwe nthawi, kapena tonse chimodzimodzi?