Ndine wamfupi, akuti ndikusevera m'mwamba: lamulo lenileni ndi liti?

Nangozo: Thandizeni abale, ku holo komwe timasewera badiminitoni kwabuka mkangano. Ine ndine wamfupi, ndipo pa masewera a awiriawiri ndimakonda sevu yaifupi. Bambo wina akuti shato ndikumaimenyera pamwamba pa chiuno, ndiye ndi fawulo. Dzulonso sevu yanga inakhudza neti n'kugwera pamzere wakutsogolo weniweni, iwo n'kutenga poyinti. Akulondola?

Achimwene a Tadala: Yokhudza neti mumabwereza basi, palibe wotenga poyinti.

Kochi Wakale: Ayi achimwene, zobwerezazo n'za tenisi. Kuno shato ikakhudza neti n'kudutsa, timangoona pomwe yagwera. Ndipo mzere umawerengedwa kuti ndi m'kati. Mzere wakutsogolowo uli mamita 1.98 kuchokera pa neti. Kamutu ka shato kakagunda pomwepo, m'bokosi lopingasana ndi lanu, poyinti inali yanu mayi.

Za chiunozo, bamboyo akunena lamulo lakale, lomwe linkati shato ikhale m'munsi mwa nthiti yomaliza. Kuyambira 2018 bungwe la BWF, loyendetsa badiminitoni padziko lonse, linaika muyezo umodzi kwa aliyense: pomwe raketi ikumenya, shato yonse ikhale yosafika mamita 1.15 kuchokera pansi. Kwa munthu wamfupi ngati inu, muyezowu umapitirira nthiti ija, choncho mutha kumenyera pamwamba pa chiuno osalakwa. Amene akuvutika nalo ndi ataliatali, poti iwo akuyenera kutsitsa dzanja.

Nangozo: Zikomo akochi. Nanga tiyeza bwanji, poti tilibe woimbira?

Kochi Wakale: Mtengo wa neti umatalika mamita 1.55. Tsikani masentimita 40 kuchokera pamwamba pake, mumatepo tepi. Kenaka imani pambali pake muone pomwe tepiyo ikufika pa malaya anu, muzisevera m'munsi mwa pamenepo. Koma samalani, chifukwa ambiri amagwira shato pamalo abwino, ndiye pomenya dzanja logwiralo limakwera osadziwa. Wina akujambuleni ndi foni kuchokera chammbali.

Mai a Chiso: Kwathu timatsatirabe za nthiti. Popanda chida choyezera, 1.15 ndi mkangano wokhawokha, pomwe chiuno aliyense akuchiona. Malamulo amalolanso kutero ngati mwagwirizana musanayambe.

Jemusi: Inetu anandilanda poyinti chifukwa chala chinaponda mzere poseva. Si mwati mzere ndi m'kati?

Kochi Wakale: M'kati kwa shato, osati phazi. Woseva ndi wolandira asakhudze mzere, ndipo mapazi onse awiri akhale okhudza pansi, osakwakwaza, mpaka shato itamenyedwa. Kukweza chidendene palibe vuto. Mayi Nangozo, mukafuna kuwadzidzimutsa ndi sevu yaitali, kumbukirani kuti pa awiriawiri malire ndi mzere wam'kati, masentimita 76 musanafike kumapeto. Ikaupitirira yatuluka, ndipo sevu yachiwiri kulibe.

Nangozo: Tepi ndikamata Loweruka. Koma Mai a Chiso, akakana n'kuumirira za nthiti, mumatani kwanuko?